Zomwe zidagwera LinkedIn ndi phunziro pa kasungidwe ka mawu achinsinsi

M'mwezi wa Juni mchaka cha 2012, mndandanda wa zidindo za mawu achinsinsi zokwana 6.5 miliyoni za anthu ogwiritsa ntchito LinkedIn udapezeka utaikidwa poyera pa intaneti. LinkedIn ndi kampani ya ku America yomwe imalumikiza anthu apantchito ndi olemba anzawo ntchito.

Kampaniyi sidasunge mawuwo monga momwe eni ake adawalembera. Idali itawasandutsa zilembo ndi manambala osamveka pogwiritsa ntchito njira yotchedwa SHA-1. Ngakhale zidali choncho, ambiri mwa mawuwo adadziwika pasanathe masiku ambiri.

Mchaka cha 2016 zidadziwika kuti chiwembucho chidali chachikulu kuposa momwe anthu ankaganizira, pomwe maimelo ndi zidindo za anthu pafupifupi 117 miliyoni zidayamba kugulitsidwa mwachinsinsi. Munthu yemwe adathyola makina a kampaniyi, Yevgeniy Nikulin wa ku Russia, adagwidwa mumzinda wa Prague mu 2016, ndipo bwalo la milandu ku San Francisco lidamulamula mu 2020 kukakhala kundende miyezi 88.

Nkhaniyi ikukhudza ofesi iliyonse yomwe ili ndi makina ofuna dzina ndi mawu achinsinsi, omwe ambiri amangoti pasiwedi, munthu asanalowe. M'dziko muno lamulo loteteza mbiri ya anthu la mchaka cha 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limapereka udindo woteteza mbiriyo kwa yemwe akuisunga. Mkulu yemwe amasainira kugula makina otere ayenera kudziwa chomwe LinkedIn idalakwitsa.

Ofesi siyenera kudziwa mawu achinsinsi a munthu

Mfundo yoyamba ndi yakuti makina safunika kusunga mawu achinsinsi enieniwo. Chomwe amafunika ndi njira yotsimikizira kuti mawu omwe munthu walemba lero ndi omwe aja adasankha tsiku lolembetsa.

Njirayi akatswiri amaitcha hashi. Ndi masamu omwe amalandira mawu alionse ndi kutulutsa chidindo cha utali wosasintha. Mawu amodzimodzi amatulutsa chidindo chimodzimodzi nthawi zonse, koma palibe masamu obwezera chidindocho kuti chikhalenso mawu. Zili ngati chimanga chomwe chalowa m'chigayo: ufa umatuluka, koma palibe angaubweze kuti ukhalenso njere.

Mwachitsanzo, mawu akuti `123456` akadutsa mu SHA-1 amatulutsa zilembo ndi manambala 40 izi:

```
7c4a8d09ca3762af61e59520943dc26494f8941b
```

Polembetsa, makina amasunga chidindochi ndipo mawuwo amawataya. Munthu akabweranso, makina amadutsitsa mawu omwe walemba m'masamu omwewo ndi kuyerekeza zidindo ziwirizo. Zikafanana, khomo limatseguka.

Izi zikusiyana ndi kutsekera mawu ndi kiyi, komwe yemwe ali ndi kiyiyo angathe kuwatsegula ndi kuwawerenganso. Kutsekera ndi kiyi ndi koyenera pa makalata ndi mafayilo omwe adzafunika kuwerengedwa, koma pa mawu achinsinsi kuli ndi vuto lakuti mbala ikapeza kiyi imodziyo yapeza mawu a anthu onse.

Pali makampani omwe sadachite ngakhale chimodzi mwa ziwirizi. Mu Disembala 2009 kampani ya RockYou idaberedwa mawu achinsinsi oposa 32 miliyoni omwe idawasunga osabisa konse. Mndandandawo udafalikira, ndipo mpaka lero ndi umodzi mwa yomwe mbava ndi akatswiri a chitetezo amayambira poyesa kuthyola mawu achinsinsi, kaamba kakuti umaonetsa mawu omwe anthu amakonda kusankha.

Pomwe LinkedIn idaterereka

Mbala yomwe yaba zidindo siyesa kuzibweza. Imatenga mndandanda wa mawu omwe anthu amakonda, kuwadutsitsa mu SHA-1 pa kompyuta yake, kenako kufufuza ngati zidindo zotulukazo zili m'nkhokwe yomwe yaba. Popeza ntchitoyi imachitikira kunyumba kwa mbalayo, palibe mlonda kapena malire oletsa kuyesa kambirimbiri.

Ku LinkedIn aliyense yemwe adasankha `123456` adali ndi chidindo chomwe chalembedwa pamwambachi. Kafukufuku wa mndandanda wa 2016 adaonetsa kuti anthu otere adali oposa 700,000, ndipo mawu achiwiri kutchuka adali dzina la kampaniyo, `linkedin`. Kuyesa kumodzi kokha kudatsegula makomo oposa 700,000.

Chomwe chidasowa ndi chomwe akatswiri amachitcha mchere. Mchere ndi manambala osankhidwa mwachisawawa ndi kompyuta, omwe amasakanizidwa ndi mawu achinsinsi asanalowe m'masamu a hashi. Munthu aliyense amapatsidwa mchere wakewake, ndipo akasintha mawu achinsinsi amalandira mchere watsopano. Muyezo wodziwika masiku ano ndi mabayiti 16, omwe ndi ochuluka mokwanira kuti anthu awiri asapezeke ndi mchere wofanana.

Mchere si chinsinsi. Umasungidwa pambali pa chidindo, chifukwa makina amaufuna nthawi iliyonse yomwe mwini wake akulowa. Ntchito yake ndi kusiyanitsa. Kalaliki ndi mlembi wamkulu onse atasankha `123456`, zidindo zawo zidzakhala zosiyana kotheratu, ndipo woyang'ana m'nkhokwe sangadziwe kuti awiriwa ali ndi mawu ofanana. Mbala imakakamizika kuyesa munthu mmodzimmodzi, ndipo mindandanda ya zidindo yomwe idakonzedwa kale imasanduka yopanda ntchito.

Nzeruyi si yatsopano. Robert Morris ndi Ken Thompson adaifotokoza mchaka cha 1979 polemba za chitetezo cha makina a Unix, omwe mchere wake unkatheketsa mawu amodzi kutuluka m'njira 4,096 zosiyana. LinkedIn idaberedwa patatha zaka 33 chilembedwere zimenezi.

Mchere wokha sukwanira

Anthu ambiri amaganiza kuti mchere ukathiridwa nkhani yatha, koma masamu akusonyeza kuti si choncho. Njira za SHA-1, MD5 ndi SHA-256 zidapangidwa kuti zizithamanga, pofuna kutsimikizira mwachangu kuti fayilo sidasinthidwe. Liwiro lomwelo ndi lomwe limathandiza mbala. Kachipangizo kamodzi kamphamvu kojambula zithunzi za masewero a pa kompyuta, komwe kamagulitsidwa m'sitolo, kamatha kuyesa mawu oposa 10 biliyoni pa sekondi imodzi ngati njirayo ndi SHA-1.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Nthambi ina ili ndi antchito 5,000 ndipo nkhokwe yake yabedwa. Mbala ili ndi mndandanda wa mawu otchuka 10 miliyoni komanso kachipangizo koyesa mawu 10 biliyoni pa sekondi.

Ngati zidindozo zilibe mchere, mbala idzagwira ntchito ka 10 miliyoni kokha, ndipo idzatha sekondi isanakwane.

Ngati zili ndi mchere koma njira ikadali SHA-1, mbala iyenera kubwereza mndandanda wonse pa munthu aliyense. Kuchulukitsa 10 miliyoni ndi 5,000 kukupereka 50 biliyoni. Ntchito yakula ka 5,000, koma pa liwiro lija idzatha m'masekondi asanu okha.

Apa ndi pomwe pakufunika chinthu chachiwiri, chomwe ndi njira ya hashi yochedwa mwadala. Yodziwika kwambiri ndi bcrypt, yomwe Niels Provos ndi David Mazières adaitulutsa mu 1999. Ili ndi nambala yolamula kulemera kwa ntchito, ndipo kuwonjezera nambalayo ndi 1 kumachulukitsa ntchitoyo kawiri. Ikaikidwa pa 12, kachipangizo komwe kaja kamangoyesa mawu pakati pa 1,000 ndi 2,000 pa sekondi. Kutenga 1,000 monga muyezo, kuyesa ka 50 biliyoni kudzatenga masekondi 50 miliyoni, omwe ndi masiku pafupifupi 580, kapena kuti chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Wogwira ntchito yemwe akulowa m'mawa saona kusiyana kulikonse, chifukwa iye amangodikira kachigawo ka sekondi kamodzi kokha. Mbala ndi yomwe imalipira kachigawoko ka 50 biliyoni.

Njira yomwe akatswiri amaika patsogolo pa makina atsopano ndi Argon2id, yochokera ku Argon2 yomwe idapambana mpikisano wa dziko lonse wa njira zotere mu 2015. Kuwonjezera pa kuchedwa, iyo imadya malo ambiri m'chikumbumtima cha kompyuta, zomwe zimalepheretsa zipangizo zija kuyesa mawu ambirimbiri nthawi imodzi. Bungwe la OWASP, lomwe limalemba malangizo a chitetezo cha mapulogalamu, limati Argon2id ipatsidwe malo osachepera mamegabayiti 19 ndipo izungulire kawiri, pomwe nambala ya bcrypt isatsike pa 10.

Wolemba mapulogalamu sayenera kupeka njira yakeyake. Zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu zili ndi zida zokonzeratu. Mu PHP, mwachitsanzo, ntchito yonse ili m'mizere iwiri:

```php
$h = password_hash($p, PASSWORD_BCRYPT, ['cost' => 12]);
$ok = password_verify($p, $h);
```

Mzere woyamba umasankha mchere wokha ndi kutulutsa zilembo 60 zoyamba ndi `$2y$12$`, momwe muli dzina la njira, nambala ya kulemera, mchere ndi chidindo. Mzere wachiwiri ndi wotsimikizira munthu akamalowa. Malire a bcrypt ndi akuti imangowerenga mabayiti 72 oyambirira a mawu achinsinsi, ndipo zotsalazo siziwerengedwa.

Malire a chitetezochi

Mchere ndi kuchedwa zimagula nthawi, koma sizipulumutsa mawu ofooka. M'chitsanzo chija, mbala yanzeru siyamba ndi mndandanda wonse. Imayesa `123456` pa anthu onse 5,000, zomwe ngakhale pa bcrypt zimatenga masekondi asanu, kenako imapita pa mawu achiwiri kutchuka. Pomatha ola limodzi idzakhala itayesa mawu otchuka oposa 700 pa wantchito aliyense.

N'chifukwa chake bungwe loona za miyezo la boma la America, NIST, lidasintha malangizo ake mu 2017. Lidati makina aziyerekeza mawu atsopano ndi mndandanda wa mawu otchuka komanso omwe adabedwapo kale, ndi kuwakana akapezekamo. Mu ofesi ya boma mndandandawo uyenera kukhalanso ndi dzina la unduna, la nthambi ndi la boma lomwe ofesiyo ili, popeza awa ndi mawu omwe antchito amathamangira, monga momwe anthu a pa LinkedIn adathamangira dzina la kampaniyo.

Bungweli lidatinso anthu asamakakamizidwe kusintha mawu achinsinsi pakapita nthawi yoikika popanda umboni wakuti abedwa. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense yemwe adagwirapo mu ofesi yotere: wokakamizidwa kusintha mwezi uliwonse amangosintha nambala ya kumapeto, kapena amalemba mawuwo pa kapepala ndi kukamata pansi pa kiyibodi. Lamulo lokakamiza kusakaniza zilembo zazikulu, manambala ndi zizindikiro nalonso lidasiyidwa, popeza anthu amalitsatira m'njira yomwe mbala zimaidziwa kale. Chomwe chimathandiza ndi utali. Malangizo a mu 2025 akuti mawu achinsinsi akakhala chotchinga chokhacho asachepere zilembo 15, ndipo makina azilola zilembo zofika 64.

Zolakwika za pakhomo lolowera

Nkhokwe ikhoza kukhala yotetezeka koma khomo lili lofooka. Cholakwika choyamba ndi kulola munthu kuyesa mopanda malire. Makina ayenera kuyamba kuchedwetsa munthu akalephera kangapo motsatizana, ndipo NIST imati kulephera kotsatizana pa akaunti imodzi kusapitirire ka 100. Kutsekeratu akaunti munthu akalephera katatu kuli ndi vuto lake, chifukwa wanjiru angathe kutseketsa ofesi yonse polemba dala mawu olakwika pa dzina la aliyense. Kuwerengaku kuyeneranso kuona komwe kuyesako kukuchokera, popeza mbala zina zimayesa mawu amodzi pa maakaunti ambiri kuti pasapezeke akaunti yolephera kambiri.

Chachiwiri ndi uthenga woulula zambiri. Makina akamayankha kuti dzinalo kulibe kwa wina, ndi kuti mawu achinsinsi ndi olakwika kwa mnzake, akuuza mlendo maina omwe alipo. Yankho liyenera kukhala limodzi, lakuti dzina kapena mawu achinsinsi sizolondola.

Chachitatu ndi njira yothandizira woiwala. Makina abwino amatumiza ulalo wogwira ntchito kamodzi kokha, womwe umatha mphamvu pakapita nthawi yochepa, kuti munthuyo asankhe mawu atsopano. Mafunso monga dzina la mayi kapena mudzi wobadwira sateteza kanthu pamalo pomwe anthu amadziwana mpaka kumudzi.

Chachinayi ndi mawu achinsinsi otayikira m'kaundula wa zochitika, momwe makina amalemba zonse zomwe zikudutsa pofuna kuthandiza okonza zolakwika. Mu 2019 Facebook idavomera kuti mawu achinsinsi a anthu mamiliyoni mazanamazana adasungidwa osabisa m'makina ake a mkati, ndipo mu Sepitembala 2024 bungwe loteteza mbiri ya anthu ku Ireland lidalipiritsa Meta, mwini wa Facebook, mayuro 91 miliyoni pa nkhaniyi.

Chachisanu chili m'manja mwa ogwiritsa ntchito, ndipo ndi kugwiritsa mawu amodzi m'malo ambiri. Mndandanda wa LinkedIn utatuluka mu 2016, mbava zidayesa maimelo ndi mawuwo pa makomo ena, ndipo anthu ambiri adalandidwa maakaunti m'malo omwe sadathyoledwe n'komwe. Wantchito yemwe amagwiritsa mawu a ku ofesi pa masamba a mchezo waika chitetezo cha ofesi yake m'manja mwa kampani yomwe saidziwa. Chotchinga chachiwiri, monga nambala yosinthasintha yotuluka pa foni, chimachepetsa ngoziyi kwambiri, makamaka kwa omwe amavomereza malipiro kapena kuyang'anira makinawo.

Momwe mkulu angadziwire popanda kukhala katswiri

Pali mayeso atatu osafuna luso la mapulogalamu. Oyamba ndi kunamizira kuiwala mawu achinsinsi. Makina akatumiza mawu akale omwewo pa imelo kapena pa foni, kapena woyang'anira makina akatha kuwawerenga ndi kuwanena, ndiye kuti sakusungidwa monga hashi.

Achiwiri ndi kupempha katswiri wa ofesi kuti atsegule maakaunti awiri oyeserera okhala ndi mawu ofanana, kenako aonetse zomwe zalembedwa m'nkhokwe. Zikafanana, mchere mulibe. Zilembo 32 zokhala ndi manambala ndi zilembo za `a` mpaka `f` zokha nthawi zambiri zimasonyeza MD5, pomwe 40 zimasonyeza SHA-1. Zoyamba ndi `$2b$`, `$2y$` kapena `$argon2id$` zimasonyeza njira zoyenera.

Achitatu ndi kulemba mawu olakwika ka 20 motsatizana ndi kuona ngati makinawo achedwetsa, achenjeza kapena angokhala chete.

Ofesi yomwe yapeza kuti ikugwiritsa ntchito njira yakale siyenera kudikira kuti aliyense asinthe mawu ake. Katswiri angathe kutenga zidindo zakale zonse ndi kuzidutsitsa mu bcrypt kapena Argon2id tsiku lomwelo, ndipo munthu aliyense akadzalowa, makina adzasunga chidindo chatsopano chochokera ku mawu ake enieni. Makope akale a nkhokwe osungidwa padera ayenera kukumbukiridwa, chifukwa zidindo zofookazo zimatsalira mmenemo.

Pogula makina atsopano, dzina la njira ya hashi, nambala ya kulemera kwake ndi malire a kuyesa ziyenera kulembedwa m'chikalata cha mgwirizano, ndipo wogulitsa aonetse zimenezi zikugwira ntchito asanalandire malipiro omaliza. Yankho longoti mawu achinsinsi ndi obisika silokwanira, popeza a LinkedIn nawonso adali obisika. Kampaniyo idalengeza kuti yayamba kuthira mchere patangopita masiku ochepa chiwembucho chitadziwika, koma zidindo zomwe zidali zitatuluka kale sizikadabwezedwa, ndipo zidapwetekabe eni ake patatha zaka zinayi.